Mayina zikwi makumi asanu

Pulogalamu yanga yotulutsa mndandanda wa ophunzira inkathamanga bwino ndi mayina makumi awiri. M'mawa wa tsiku lokaionetsa kwa abwana ndinaipatsa mayina onse, zikwi makumi asanu, ndipo inangoti zii. Ndinayamba kutukwana netiweki.

Mayi amene ndimagawana nawo desiki, omwe tonse timawatchula kuti Achemwali, anakoka mpando wawo n'kuloza mzere wa mkati mwa lupu, gawo la pulogalamu lomwe limabwereza ntchito imodzi pa dzina lililonse.

"Ukuganiza kuti chizindikiro chophatikizirachi chikungowonjezera dzina kumapeto?" anandifunsa. "String, chingwe cha zilembo chomwe chikusunga mayinawa, ikapangidwa sisintha. Dzina lililonse likabwera, kompyuta ikupanga ina yatsopano n'kukoperamo zonse zakale, kuyambira dzina loyamba."

"Nanga anaipangiranji youma mutu chonchi?"

"Kuti mbali zambiri za pulogalamu zizigwiritsa ntchito String imodzi mopanda mantha. Ukatsimikizira dzina la fayilo, palibe angalisinthe iwe utayang'ana kumbali."

Anandiuza kuti ndipange StringBuilder, chosungiramo mawu chotha kukula, lupu isanayambe, ndiziikamo mayinawo, n'kutulutsa String kamodzi kokha pomaliza. StringBuilder imasunga malo otsala, ndipo imakopera pokhapokha malowo akadzaza. Nditayesa, mndandanda unatuluka ndisanatsamire n'komwe pampando.

Chimwemwe chinandipitirira, ndinayamba kusintha paliponse pamene ndinaphatikiza mawu. Achemwali anandigwira dzanja.

"Mawu atatu pamzere umodzi asiye, mng'ono wanga. Vuto ndi lupu yaitali."

Masana abwana atandiyamikira, ndinatembenuka kuti ndiloze mwini nzeruzo. Achemwali anali atakokera kale mpando wawo kwa mnzathu wina amene ankatukwana netiweki.