Ulusi, Muzu ndi Mkanda

Uthenga wa Ackson unafika ku Msundwe uli woduka mchira. Linali tsiku Lachiwiri, nyengo yokolola ya 1955, Ezeliya akugulitsa mbatata zowotcha m'mbali mwa msewu. Lole yopita ku Fort Jameson inachepetsa liwiro pa maenje, ndipo bambo wina wovala chipewa, atakhala pamwamba pa matumba, anafuula kufunsa ngati alipo akudziwa Benedeta, mkazi wa Ackson wa ku Halale. Ezeliya anaimika dzanja, poti Benedetayo anali mng'ono wake.

"Mukamuuze kuti Ackson akuti watenga m..."

Pomwepo dalaivala anaponda moto. Mawu otsalawo anapita ndi utsi, wachipewayo anapita nawonso, ndipo panalibe womudziwa dzina kapena mudzi. Ezeliya anatsala ndi fumbi m'kamwa ndi chidutswa cha uthenga chimene anakachitula kwa mng'ono wake madzulo, monga momwe anachimvera.

Benedeta anali atadikira mwamuna wake zaka zisanu ndi chimodzi. Mwana mmodzi amene anabereka anamwalira asanayambe kukwawa, Ackson ali kale ku Halale. Makalata awiri amene aphunzitsi anamulembera sanayankhidwe. Ackson sankatha kulemba, ndipo kuti ayankhe ankayenera kukaulula za m'nyumba mwake kwa kalaliki wa ku komboni, chinthu chimene munthu wamanyazi ngati iye akanalola kufa kaye. Chaka chomwecho a Chikoti, bambo wofatsa wa chigafa chachikulu cha fodya amene mkazi wake anamwalira, anali atatuma mawu kwa ankhoswe. Anati ngati ukwati wa Ackson unatha, iwo ali okonzeka, ndipo adikira yankho mpaka mvula yoyamba. Ankhoswe anati popanda mawu a mwini ukwati sangamasule kanthu. Ndiye mawu aja anali atabwera, koma theka.

Mudzi wonse unathandiza kumalizitsa. Wina anati watenga mbuzi, ngati kuti munthu angatume uthenga wa mbuzi kudutsa Zambezi. Wina anati watenga mowa, ndipo anthu anaseka. Ezeliya sanaseke. Anakhazika mng'ono wake pansi kuseri kwa nkhokwe nati zopusa azisiye, awerenge zokhazo zimene mwamuna angavutikire kutuma. Iye anali atamva bwino kuti milomo ya wachipewa uja inatsekeka pa "m". Anthu obwera ku Halale ankanena kuti Ackson akutsokomola, ndiye mwina watenga matenda. Zaka zisanu ndi chimodzi mwamuna sagona ndi bulangete lokha, ndiye mwina watenga mkazi.

Benedeta anakwiya. Anati akulu ake akuiwala lonjezo. Tsiku lonyamuka, Ackson analumbira kuti sabwerera asanagule makina osokera, kuti mkazi wake azikhala pakhonde n'kumasoka m'malo mopsa ndi dzuwa kumunda. Watenga makina, basi. Ezeliya anati zimenezo n'zimene mtima wa Benedeta ukufuna, koma anavomera kuti nazonso zimayamba ndi "m".

Nzeru yofunsira inachokera kwa Ezeliya. Anati mwamuna ukamufunsa kuti umatanthauza chiyani, amakanda m'mutu chaka chathunthu. Koma ukamuikira zinthu zitatu patsogolo, ngakhale wamanyazi amaloza. Mlongo wawo Dyson anali kukonzekera kukwera malole a ulere kukafuna ntchito ku Halale komweko, ndiye akanatha kunyamula. Ezeliya anadula kamuzu ka mankhwala a chifuwa, kuimira matenda. Benedeta anasolola ulusi woyera pa nsalu yake, kuimira makina. Pa chachitatu anakana ndithu, nati kuika mkazi pamenepo n'kumutukwana mwamuna wake.

"Ukachotsa chimenechi, sukufunsa ayi," anatero Ezeliya. "Ukungomupempha kuti akusangalatse."

Benedeta analowa m'nyumba, namasula mikanda yake ya m'chiuno, imene palibe mwamuna wina anaionapo koma Ackson. Anachotsapo umodzi wofiira, wothethuka pang'ono mbali imodzi. Anakulunga zitatuzo m'kansalu, ndipo anamubwerezetsa Dyson mpaka analoweza: muzu matenda, ulusi makina, mkanda mkazi. Ackson abweze chimodzi chokha. Ngati yankho silili pa zitatuzo, abweze zonse, kuti kuno adziwe kuti aphonya. Palibe kulemba, palibe kalaliki, palibe kufotokoza.

Envelopu inafika pa sitolo ya ku Msundwe mu Okutobala, dzina litalembedwa ndi dzanja lokhotakhota la Dyson. M'kati munali ulusi.

Benedeta anathamanga nawo kuchokera ku sitolo mpaka kumudzi. Anauonetsa kwa ankhoswe, kwa amayi a pachitsime, kwa aliyense amene sanathawe msanga. Anawaseka akulu ake poyera kuti makutu awo amamva zoipa zokhazokha. Ezeliya anangoti fodya wako ndi amene ali pamphuno, osatsutsa, chifukwa nzeru ija inali yake ndipo yankho linali litabwera mwa njira imene iye anaikonza. Ankhoswe anawayankha a Chikoti mwaulemu kuti mwini nyumba ali m'njira. A Chikoti sanadandaule. Mvula itagwa anakafunsira ku Mpingu, ndipo pofika nyengo ya mondokwa anali ndi mkazi.

Benedeta anamanga ulusi uja pa ngodya ya nsalu yake n'kuyamba kukonzekera. Anakulitsa khonde, nalizira bwino ndi dothi lakuda. Loweruka lililonse ankayenda wapansi mpaka ku Namitete kwa telala wina wachikulire, kumusesera pakhonde kuti amulole kupalasa makina opanda nsalu. Anaphunzira kulowetsa ulusi m'singano, kudzaza ulusi pa bobini, kusoka mzere woongoka. Anthu anayamba kumutcha Atelala, ena momukonda, ena momuseka, ndipo iye ankavomera onse. Chaka chinatha, china chinayamba. Dyson sanatumizenso kanthu.

Ackson anatsika basi ku Msundwe mu Julayi 1957, tsiku la msika. Benedeta anali pomwepo ndi dengu la mtedza. Anamuzindikira ndi kayendedwe, ngakhale anali atanenepa, ndipo chifuwa chija chinali chitatha kalekale. Anyamata anatsitsa padenga bokosi lathabwa lolemera, ndipo pa mng'alu Benedeta anaona gudumu lachitsulo. Anali makina enieni. Anasiya dengu naimirira.

Kenako m'basimo munatsika mayi wamtali, wovala nsapato, ali ndi mwana wamkulu ndithu kumbuyo. Mayiyo anakalipira anyamata aja m'chiyankhulo cha ku Halale kuti agwire bokosi bwino, monga amakalipira mwini chinthu. Anapatsa Ackson chikwama kuti anyamule, ndipo Ackson ananyamula.

Ataona Benedeta, Ackson anavula chipewa, nachivalanso. Anati anali kupita kaye kwa amayi ake ku Nsaru, ndipo akanatuma mawu kwa ankhoswe sabata yamawa. Anafunsa za mvula. Anafunsa za Ezeliya. Benedeta anamulola kuti amalize zonsezo, anthu a pamsika atayamba kale kuyandikira ngati akufuna mtedza.

"Ndili ndi funso limodzi," anatero Benedeta. "Bambo wachipewa uja munamutuma kuti chiyani?"

Ackson anayang'ana nsapato zake. "Ndinati akanene kuti ndatenga mkazi."

"Nanga ulusi?"

"Dyson anayala zitatu pa tebulo. Ndinaona kuti ulusiwo unasolola wekha pa nsalu yako, ndiye ndinati ndi umene ukufuna kumva. Komanso makinawo alipodi, si awo. Sindiname kwenikweni."

Chimene chinamupweteka Benedeta koposa si mayi wamtaliyo. Amuna a ku Halale ankatenga akazi, zimenezo aliyense ankadziwa, ndipo akanalira mwezi umodzi n'kukhala mkazi wa a Chikoti. Chinamupweteka n'chakuti munthuyu analimba mtima kamodzi nanena zoona, ndipo atapatsidwa mpata wobwereza ndi chala chokha, anasankha bodza limene iye mwini anamusololera pa nsalu yake. Ndipo Dyson, mlongo wake wa bere limodzi, anayala zitatuzo pa tebulo la mayi ameneyu, nadya chakudya chake, namata envelopu ndi malovu ake. Benedeta anamva manyazi ndi ukali zikukwera pamodzi mpaka m'makutu.

Mwana uja anatulutsa dzanja pa mbereko kufuna mtedza. Pa mkono pake panali kachingwe, ndipo pa kachingwepo panali mkanda umodzi wofiira, wothethuka mbali imodzi.

Benedeta anauyang'ana nthawi yaitali. Mayi wamtaliyo anaona, namwetulira, nanena m'Chichewa chothyokathyoka kuti unachokera kwa agogo a mwana, kumudzi, bambo ake anatero. Sanali kunama, zinaoneka pankhope pake. Nayenso anali atapatsidwa yankho limene akanakonda kumva.

Benedeta anamasula mfundo ya pa ngodya ya nsalu yake. Inali italimba ndi thukuta la zaka ziwiri, moti anachita kuiluma ndi mano. Anaika ulusiwo, umene tsopano unali utada, m'dzanja la Ackson.

"Wanu uwo. Mundibwezere wanga, anthuwa akuona. Ankhoswe akufuna yankho."

Ackson anayesa kunena kuti akambirane kunyumba, koma Benedeta sanabweze dzanja. Pomaliza anatulutsa kampeni nadula kachingwe kaja. Mwana analira, ndipo mayi ake anafunsa kawiri chimene chikuchitika. Ackson anapereka mkanda ndi manja awiri.

Benedeta anasenza dengu lake mtedza usanathe. Njira ya kumudzi inadutsa pa chigafa cha a Chikoti, pamene mkazi wa ku Mpingu uja anali kuyanika matewera pa chingwe. Anapatsana moni. Atafika kwawo anapeza Ezeliya akupeta pa khonde lalikulu lija, ndipo anamuikira mkanda m'lichero, pamwamba pa mphale.

"Yankho lija labwera, akulu," anatero. "Mukawauze ankhoswe."