Mbereko Yopanda Mwana

Nkandu atamwalira pa ngozi ya basi m'mapiri a ku Nyimba, tulo tinamuthawa mkazi wake Jennipher. Ankafika pamphasa ali wotheratu, koma maso ali gwa mpaka atambala. Malemuyo anali mlangizi wa zaulimi wochokera kutali ku Luapula, ndipo anamuika konkuno kwa Luembe, kumudzi kwa mkazi wake, poti mtembo sukanatha ulendo wonsewo. Abale ake anabwera awiri okha, nalonjeza kuti adzabweranso kudzamasula namfedwayo ku mzimu wa mwamuna wake monga mwa mwambo. Dzinja linatha, chimanga chinalowa m'nkhokwe, anthuwo osaoneka.

Kuchipatala ku Nyimba anampatsa Jennipher timapilitsi towerengeka, namuuza kuti ndi ta masiku ochepa chabe. Anagona bwino masikuwo. Timapilitsito titatha, kusowa tulo kunabwerera moposa kale. Apa ndi pamene msuweni wake Morgan analowererapo, munthu wamtima wabwino koma wodziwa zonse. Iyeyu ankaphikira azungu okonza msewu, ndipo bwana wake pobwerera kwawo anasiya botolo la timapilitsi tobiriwira pamodzi ndi nsapato zakutha. Nsapatozo Morgan anavala, botolo nabweretsera Jennipher.

"Utu ni twa azungu eni ake," anatero Morgan. "Kamozi chabe, mugona monga mwala."

Sananame. Jennipher ankameza kamodzi, n'kuzima ngati nyali. Koma patapita milungu kamodziko kanayamba kuchepa mphamvu, ndipo tsiku limene sanamwe ankachezera kunjenjemera, mtima uli thi thi thi.

Kenaka kunayamba zachilendo. Tsiku lina anadzuka n'kupeza ndowa ili tho ndi madzi, pamene dzulo lake anaisiya youma. Tsiku linanso anapeza chimanga chotongola m'lichero, chala chake chachikulu chikuwawa. Mkulu wake Agness, amene nyumba yake inali moyang'anana ndi yakeyo, anamufunsa m'mawa wina kuti usiku amakatani kuseri kwa nkhokwe.

"Ine? Sininachoke panja," anayankha Jennipher.

"Unachoka. Ninakuitana, unaniyankha kuti ubwela. Maso yako yanali otsegula, koma siunali kuyang'ana ine."

Jennipher anayang'ana chitenje chake, chinali ndi chisoso mpaka m'mawondo. Anafufuza m'mutu mwake, osapezamo kanthu, ngakhale loto. Anachita mantha kwambiri, mantha oopa thupi lake lomwe.

Pamudzi panalibe amene anavutika kuganiza. Mkazi wosamasulidwa, mwamuna wake ali m'manda apafupi, abale a mwamunayo atanyalanyaza mwambo: Nkandu ankamuitana, basi. A Stanislaus, amalume ake a Jennipher, anatumiza mawu ku Luapula, koma mawu a masiku amenewo ankayenda pa liwiro la basi yosowa matayala. Podikira, Agness anapeza nzeru yake. Ngati malemuyo amamudzutsa, ndiye Jennipher azigona tulo takuya toti ngakhale wakufa alephere kumudzutsa. Anayamba kumupatsa mapilitsi awiri, n'kumaima pomwepo mpaka ameze. Ankachita zimenezi chifukwa chomukonda.

M'mawa wina wa mwezi wa Juni, kukuzizira, Jennipher anadzuka mutu uli wolemera. Anapapasa pambali pake pamene pankagona Cosmas, mwana wake yekhayo, amene anali asanakwanitse zaka ziwiri. Panali pozizira. Atadzuka anaona kuti pachifuwa pake pali mfundo ya mbereko, yomangidwa bwinobwino monga amamangira akabereka mwana. Anapisa dzanja kumbuyo. Nsaluyo inali lende, mulibe munthu.

Kukuwa kwake kunatulutsa mudzi wonse. Amuna sanafunse zambiri, a Stanislaus anawatsogolera kumanda ndi nkhwangwa m'manja. Amayi anamwazikana m'tchire la njira yomweyo akuitana dzina la mwanayo. Jennipher anafuna kuthamanga nawo koma miyendo inali yolobodoka, anagwa pakhomo. Agness anamukhazika pakhonde n'kumugwira mapewa.

"Kumbukila. Wamusiya kuti mwana?"

"Siniziwa."

"Unamupeleka kwa atate ake? Kamba, Jennipher."

"Akulu anga, siniziwa. Nikumbukila ninamwa mapilisi, ninamufundika gombeza. Kuchoka apo palibe."

Agness anamugwedeza, anamupemphereza, anamuopseza, koma zonsezo zinali ngati kufinya nsalu youma. Amuna anabwerako kumanda manja lende. Mtumbira wa Nkandu unali bwinobwino, popanda phazi la munthu. Wina anatchula afisi motsitsa mawu, ndipo Jennipher anamva.

Tsikulo linali la sikelo ya ana. A Imasiku, othandiza dokotala a kuchipatala chaching'ono cha m'deralo, anafika pa njinga yamoto n'kupeza pansi pa mtengo wa sikelo palibe mayi ndi mmodzi yemwe. Analondola phokoso mpaka pakhonde paja. Anali munthu wamtali wa ku Mongu, wosafulumira, ndipo anamvetsera nkhani yonse atagwada. Kenaka anayang'ana zikope zolemera za Jennipher, namva mmene lilime lake linkakokera mawu.

"Amai, mukumwa chiyani kuti mugone?"

Agness anabweretsa botolo lija. A Imasiku anawerenga pepala lake, nafunsa kuti wamwa nthawi yaitali bwanji, ndiponso angati. Atamva za awiri aja anapuma mozama.

"Lekani kumufunsa kumene anapita," anatero. "Sabisa, ndiponso sanaiwale. Mankhwala aya atontholetsa ubongo, koma sautontholetsa mofanana ponse. Mbali yosunga zinthu zatsopano izimilatu, ndiye zimene wachita usiku sizinasungike konse. Mbali yoyendetsa miyendo na manja nthawi zina iuka yokha, yoganiza ikali gone. Munthu atsegula chitseko, ayenda, angakuyankheni. Mukaonjeza mapilisi, muonjeza kuyenda."

Agness anakhala pansi atagwira pakamwa.

"Nanga malemu?" anafunsa a Stanislaus.

"Za malemu mudzakamba na eni ake, bambo. Ine nikamba za botolo ili. Thupi likayenda chigonele, kambili lichita zimene linazolowela. Amai, mukabeleka mwana m'mamawa, muyenda kuti?"

Jennipher anawerama kuti aganize, ndipo maso ake anagwera pamapazi ake. Pakati pa zala panali matope akuda, ouma kale. Mwezi wa Juni kulibe matope kumanda, kulibe matope panjira. Matope otero anali malo amodzi okha.

"Kudimba," anatero. Kenaka mawu ake anasintha. "Kuli chitsime. Sichivundikilika."

Sakumbuka kuti anadzuka bwanji, koma ulendo uno chinali chifukwa cha mantha, osati mankhwala. Anathamanga akudzandira, Agness atamugwira mkono, anthu ali pambuyo. Njira ya kudimba inkatsetsereka kudutsa m'mapesi mpaka kukhwawa. Cosmas anali atayamba kuyenda, ndipo ankakonda madzi kuposa chilichonse. Jennipher ankangoona chitsimecho m'maso mwake, dzenje lofika m'chifuwa mwa munthu wamkulu, m'mbali mwake moterera.

Kachitseko ka mpanda wa udzu kanali kotseka, komangidwa ndi luzi monga ankamangira poopa nkhumba. Zala zake zinakanika kumasula, a Stanislaus anadula ndi nkhwangwa. M'kati, mizere iwiri ya lepu inali yothirira, ina youma. Pansi pa nthochi, pamene ankakhazika mwanayo masiku onse, panali thumba loyala lopanda munthu.

Jennipher sanathe kupita kuchitsime. Anaima pomwepo. Agness ndiye anapita, nasuzumira, nakhala nthawi osatembenuka. M'madzimo munali chitini chothirira chokha.

Anali a Imasiku amene anamva kamawu kosasa kukona ya mpanda. Cosmas anali atadzipanikiza pakati pa udzu ndi mulu wa manyowa, malo okhawo ofundako. Anali wozizira ngati mwala wa kumtsinje, nkhope yotupa ndi udzudzu, mawu atatha ndi kulira. Koma ankapuma, ndipo maso ankaphethira. A Imasiku anamupima msanga, nauza Agness kuti amuike pachifuwa pake khungu ndi khungu, amufundike ndi zitenje zonse zimene zinalipo. Amayi anavula zawo zapamwamba osadikira kupemphedwa.

Atabwerera kumudzi, mwanayo atafundidwa ndi kumwa phala, a Imasiku anaika botolo lija m'chikwama chawo. Jennipher anawapempha kuti akalitaye m'chimbudzi, sadzamwanso.

"Kuleka kamozi ayi," anatero iwo. "Thupi lanu lazolowela. Mukaleka lelo lomwe mungathe kugwa monga wakhunyu. Tichepetsa pang'ono pang'ono, muzibwela kuchipatala. Ndiye chifukwa chake ku Nyimba anakupatsani ochepa. Aya ni othandiza masiku ochepa, pamene munthu wasweka mtima. Akapitilila, mphamvu yake ichepa, munthu afuna ambili, ndipo akaleka tulo tuvuta kuposa poyamba. Masiku akubwelawa mudzavutika, sinikunamizani. Koma tulo twanu tudzabwela."

Anaonjeza kuti mpaka mankhwalawo atatheratu m'thupi, mwana azigona kwa Agness, ndipo munthu wamkulu azigona chopingasa pakhomo pa Jennipher. Morgan, amene anali atamva nkhaniyo n'kubwera, anangoti zyoli kumapeto kwa khonde, osanena zoti ndi za azungu.

Madzulo dzuwa likupendeka, Jennipher anafuna kumubereka mwana wake pang'ono asanapite kogona. Anatenga mbereko, nawerama monga mwa masiku onse, nauza Agness kuti amuike kumsana. Cosmas atangoona nsaluyo anaumitsa thupi. Anakakamira khosi la Agness ndi manja onse awiri, akupukusa mutu, kakamwa kali yasa koma mawu osatuluka.

"Ni ine, Cosmas," anatero Jennipher, ali chiweramire. "Ni amama."

Mwanayo anabisa nkhope. Jennipher anaweramuka pang'onopang'ono. Zimene zinachitika panjira ija, zimene ananena kapena sananene pomusiya, kutalika kwa nthawi imene mwanayo anamuitana akumuona akumanga luzi kunja kwa mpanda, ankazidziwa ndi Cosmas yekha, ndipo Cosmas anali asanadziwe kuyankhula. Anapinda mberekoyo n'kumupatsa Agness.

"Mubelekeni ndimwe," anatero. "Mumange zolimba."