Ufa Wosefa Kawiri

Clotilde anakulira kukhitchini kwa Apwitikizi ku Vila Cabral, ndipo anachokako ndi nzeru imodzi yomwe sankafuna kuti munthu amutsutse: chakudya chaulemu ndi choyera. Atakwatiwa ndi Bartolomeu n'kukakhala ku Chiuaula, analumbira kuti mwamuna wake sadzalawa mgaiwa. Chimanga ankachikonola, kupeta gaga yense n'kupatsa nkhuku, kuviika mphale, kusinja, kenako kusefa kawiri. Nkhukuzo zinanenepa mpaka kumayenda movutikira.

Chaka chimenecho asipayo, apolisi a boma la Apwitikizi, ankalemba amuna onse opanda ntchito yodziwika kuti apite ku chibalo. Mwayi wa Bartolomeu unali umodzi basi. Mzungu wina wa matabwa ankayesa anthu ocheka ndi sowo yaitali ya anthu awiri, ndipo wolembedwa ntchito akanapulumuka. Bartolomeu ankayamba kucheka mbandakucha, chisanu cha mu June chikuluma zala, ndipo chakudya ankachionanso dzuwa litapendeka.

Clotilde anati apa m'pamene aonetse chikondi. M'mawa uliwonse ankaphika phala la ufa woyera, losalala bwino, n'kuthiramo shuga wosaumira. Nyemba zinalipo m'nkhokwe, koma nyemba m'mawa? Iyayi, zimenezo n'za kumunda. Bartolomeu ankamwa, kupukuta pakamwa n'kunena kuti, "Zikomo mayi, lakoma." Sananenepo china.

Mnzake wocheka naye anali Germano wa nyumba yoyandikana. Mkazi wake Genoveva ankaphika chimanga chosakonola pamodzi ndi nyemba, n'kusiya mphika pamakala, m'mawa n'kungotenthetsa. Clotilde ankaseka chamumtima akaona Germano akutafuna ngati mbuzi pakhomo.

Tsiku lina akazi awiriwa anakumana kuchitsime.

"Achemwali, bambo akwanuwo mukuwapatsa chiyani pa matabishu, m'mawa asanapite kuntchito?" anafunsa Genoveva. "Akwathu akuti dzuwa likangokwera pang'ono, anzawo ayamba kumanga lamba, manja njenjenje, sowo n'kumaphonya mzere."

"Amamwa phala la ufa woyera, la shuga," anayankha Clotilde monyada.

"Eee, ndiye chimenecho! Phala lotero limangodutsa, mimba siigwira nalo ntchito. Shugayo amakukweza msangamsanga n'kukutaya. Gaga mukupatsa nkhukuyo ndi makoko a nyemba zimamwa madzi n'kufufuma m'mimba, chakudya chimatsika pang'onopang'ono. Nyembazo zili ngati nyama, mimba imachedwa kuzigaya, munthu sakumbuka njala. Tayesani mawa, ndikugawirani."

Clotilde anamva manyazi, ndipo manyaziwo anasanduka mkwiyo. Iye, amene ankaphikira a dona, aphunzitsidwe ndi mkazi wosadziwa ndi foloko yomwe? Anasenza mtsuko wake osatsanzika. M'mawa mwake anaphikanso phala lomwelo, n'kuwonjezera shuga kuti mphamvu zichuluke.

Loweruka Bartolomeu anabwera masana, sowo idakali kulira kuthengo. Kapitawo anamuuza kuti ndi munthu wabwino koma amafooka msanga, ndipo matabwa ake akukhota. Germano anapatsidwa mnzake wina wocheka naye. Sabata isanathe, asipayo anafika ndi dzina la Bartolomeu: akagwira ntchito yamsewu kutali, adzabwera mvula ikadzagwa ndi kutha.

Clotilde sanalire pamaso pa anthu. Anatapa chimanga chosakonola ndi nyemba, n'kupita kwa Genoveva mutu uli pansi kukafunsa kaphikidwe kake. Genoveva sanamukumbutse zakuchitsime. Anangomuthandiza kusankha nyemba, ndipo kukoma mtimako kunamupweteka kuposa chipongwe.

Pa tsiku la ulendo Bartolomeu anakhala pakhonde n'kudya chimanga cha nyemba chija mwakachetechete, kutafuna bwinobwino. Anamaliza mbale yonse.

"Izi ndiye ankandiphikira amayi ndikamapita kukagwetsa mitengo," anatero. "Zimandifikitsa madzulo."

Clotilde anaima chilili ndi chipande m'manja.

"Ndiye munkadziwa, bambo? Masiku onsewa munkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Nanga osandiuza bwanji?"

Bartolomeu anayang'ana sefa yomwe inali pakhoma.

"Ndinkakuonani mukusefa, mukuimba. Ndinati ndikanena, muganiza kuti ndanyoza manja anu. Ndimati ndipirira."

Anamanga chakudya chotsala m'kansalu, n'kunyamula bulangete lake. Clotilde anamuperekeza mpaka pamsewu pomwe amuna ena ankadikira galimoto, ndipo anaima pomwepo mpaka fumbi litatha. Mumtima ankadziimba mlandu, komanso ankamukwiyira mwamuna wakeyo chifukwa cha ulemu wake wopanda pake. Sankadziwa kuti chopweteka kwambiri n'chiti.

Atabwerera kunyumba, nkhuku zinamuthamangira monga mwa masiku onse, zonenepa, zonyezimira nthenga, kudikira gaga wawo. Clotilde anaziyang'ana nthawi yaitali. Kenako anakhala pansi pafupi ndi mtondo n'kuyamba kulira.