Mutu Wopanda Kamzere

Ana asukulu ankamutcha Mlosi, ndipo dzinalo ankalikonda kuposa lake lenileni. Ngakhale atapuma pa uphunzitsi, luso lake sanalitaye. Ankayala mapepala a mayeso a zaka zisanu ndi zitatu patebulo, silabasi pambali, n'kumalemba kamzere pa mutu uliwonse umene funso lachokerapo. Mutu wa timizere tambiri ndiwo wofera. Wopanda kamzere ankaudutsa ngati mnansi wodana naye.

Chaka chimenecho wophunzira wake anali mmodzi, mphwake, mtsikana wobwereza Bayoloje kachitatu. Bambo a mtsikanayo anali atanenetsa kuti akalepheranso, za unamwino aiwale. Mlosi anauza mlongo wake, mayi a mtsikanayo, kuti agone tulo, mwanayo ali m'manja odziwa.

Kutatsala masiku awiri kuti mayeso ayambe, anatenga tchati cha timizere take ndi silabasi n'kudutsira kusukulu yake yakale kukacheza, komanso kukadzitama pang'ono. Mu ofesi ya aphunzitsi anapeza mayi amene analowa m'malo mwake akumwa tiyi. Mayiyo anayang'ana tchati cha timizere, kenako chikuto cha silabasi, n'kuika kapu pansi.

"Aphunzitsi, iyitu ndi yakale. Chaka chino akulemba yatsopano koyamba."

Anatulutsa yatsopanoyo m'kabati. Mutu wa mafupa, umene unali ndi timizere tisanu ndi tiwiri, olemba silabasi anali atauchotsa. M'malo mwake munali mutu wa zotengera kwa makolo, ndipo anaupatsa masabata asanu ndi limodzi. M'silabasi yakale unali tizindime tiwiri tokha, n'chifukwa chake mapepala akale analibe nawo ntchito. Mlosi anachita mantha enieni, a munthu amene walondolera mnzake njira ya kuphompho akumwetulira.

Panjira anaganiza zongokhala chete. Mwina funsolo silibwera. Koma iye mwini ankadziwa kuti mutu wa masabata asanu ndi limodzi olemba mayeso saulumpha. Anayenda pang'onopang'ono, ndipo pageti pa mlongo wake anaima nthawi yaitali asanagogode.

Anapeza mphwake pakhonde akuloweza mayina a mafupa a m'dzanja, nkhope ili ngwee. Mlongo wake ankachapa chapafupi. Mlosi anakhala pansi, n'kufotokoza zonse osabisa, maso ali pa simenti. Kuchapa kunaleka.

Mtsikanayo sanalire. Anatenga buku lake, nafunafuna mutu wa zotengera kwa makolo uja. Masamba ake anali oyera, ena omatana, osatsegulidwapo chigulireni.

"Anzanga anandiuza mwezi wathawu kuti akuwerenga zimenezi," anatero motsitsa mawu. "Ndinawaseka, malume. Ndinati ine ndili ndi inu."