Mayi Wosoka Anali Wodekha

Mawu ake anali asanu, olembedwa pa kapepala kakang'ono ngati kolandirira mankhwala: chosongoka, chobuntha, chonyezimira, chopepuka, wodekha. Anandipatsa kapepalako ndi Mkonzi, mtsikana amene ndinamuphunzitsa ndekha kugwira pensulo, mamina ali chuchuchu. Lero ndiye amasankha nthano zolowa m'buku la ana a kalasi yachiwiri, ndipo ali ndi ofesi yakeyake ndi mpando wozungulira.

Anandifotokozera malamulo pang'onopang'ono, ngati ine ndi amene ndinali mwana. Mawu aliwonse awoneke kosachepera kasanu. Osamasulira, osalemba kuti chakuti ndiye kuti chakuti. Mwana atole yekha tanthauzo kuchokera pa zimene zikuchitika. Ndipo mawuwo asamangokhala pa chinthu chimodzi, chifukwa mpeni wokha ukamakhala wobuntha tsamba lililonse, mwana aganiza kuti kubuntha ndi dzina lina la mpeni. Apa ndinamudula. Ndinamukumbutsa kuti ndaimapo kutsogolo kwa bolodi zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo lamulo limenelo analimva koyamba pakamwa panga. Anaseka, n'kupepesa. Koma anawonjezera kuti m'bukumo munatsala malo a nthano imodzi yokha, ndipo ikawerengedwa kaye kwa ana enieni Lachisanu. Akatola mawu onse asanu, yalowa. Akaphonya amodzi, malowo apita kwa wina.

Malo amenewo ndinkawafuna, sindibisa. Chipumireni pa ntchito, zaka zitatu zapitazo, panalibe munthu anandifunapo pa kanthu kalikonse. Bambo a kunyumba anatisiya kale. Ana anga awiri ali kutali ndi mabanja awo, amaimba foni Lamlungu lina, lina ayi. Ndimakhala m'zipinda ziwiri kumapeto kwa mdadada, ndipo tsiku limatha osatsegula pakamwa, kupatula poyasamula.

Ndinachotsa mbale patebulo n'kuyamba. Ndinalemba za mayi wina wosoka zovala amene singano yake inasowa. Singanoyo inali yosongoka, inkabowola nsalu mosavuta. Msomali wa pakhoma unalinso wosongoka, unamubaya chala. Pensulo ikasongoledwa inkakhala yosongoka. Sizasi yake inali yobuntha, inkangotafuna nsalu osadula. Mpeni nawonso unali wobuntha, moti buledi ankachita kunyema ndi manja. Mabatani anali onyezimira dzuwa likawomba, galasi lonyezimira, supuni yotsukidwa bwino yonyezimira. Ulusi unali wopepuka, kamphepo kanauulutsa; thumba lopanda kanthu linali lopepuka, analinyamula ndi chala chimodzi. Ndinasamala kuti mawu aliwonse avale mitu yosiyanasiyana, yo-, wo-, lo-, o-, kuti mwana azolowere kuwazindikira ngakhale atasintha kutsogolo.

Mawu achisanu ndiwo sanandivute n'komwe. Anangotuluka okha ngati madzi a pampopi. Mayi wosoka anadya yekha patebulo, anali wodekha. Anakhala pawindo kuyang'ana msewu, anali wodekha. Foni yake sinalire, iye anali wodekha. Ndinawerenga: kasanu ndi kawiri. Ndinadziyamikira ndekha, poti panalibe wina wondiyamikira.

Lachisanu ndinasita diresi langa la buluu, n'kufika pasukulupo belu lisanalire. Fungo la choko linandilandira pakhomo. Ana analipo makumi asanu ndi mphambu, ena atatuatatu pa desiki. Mphunzitsi wawo, mnyamata wa tayi yaifupi, anawerenga nthanoyo kawiri mokweza, monga mwa dongosolo. Ine ndi Mkonzi tinakhala kumbuyo pa benchi, iye atagwira pepala lochongera. Anandichenjezeratu kuti ndisalankhule, ndisagwedeze ngakhale mutu.

Ndiye mphunzitsi anayamba kufunsa, osati za m'nthanomo, koma zinthu zina zimene simunali. Anatulutsa munga ndi chofufutira, n'kufunsa kuti chosongoka ndi chiti. Manja onse m'mwamba, munga. Anawonetsa lumo lakale lokanika kudula pepala, ana anakuwa kuti lobuntha. Chitsekero cha botolo pa dzuwa, chonyezimira. Nthenga ndi mwala, anasankha nthenga. Mkonzi ankachonga, ine mtima uli myaa. Ndinamuyang'ana cham'mbali kuti aone kuti nkhalamba sinaiwale ntchito.

Kenako mphunzitsi anafunsa kuti m'kalasi muno wodekha ndani.

Panalibe dzanja. Ana anayang'anana, ena n'kupukusa mitu. Mnyamata wina analoza mnzake, mnzakeyo n'kukana mokwiya ngati watukwanidwa. Mphunzitsi anafunsanso mwanjira ina, kuti munthu wodekha amakhala wotani. Kamtsikana kena ka kutsogolo, kogweluka mano awiri a m'mwamba, kanaimirira n'kuika manja kumbuyo.

“Wodekha ndi munthu amene kwawo sikubwera anthu.”

Anzake anavomereza onse pamodzi. Wina anawonjezera kuti ndi amene amadya yekha. Wina anati amene foni yake siilira. Kamtsikana kaja, kasanakhale pansi, kananena kuti iko sikafuna kudzakhala kodekha kakadzakula.

Mkonzi sanachonge, sanalembenso kanthu. Anangoika cholembera pa pepala. Ndinafuna kudzuka n'kuwauza ana opanda makutuwo kuti kudekha ndi kusapupuluma, kukhala ndi mtima pansi, koma lamulo linali loti ndisalankhule, ndipo mkati mwanga ndinkadziwa kuti makutu anali nawo. Anatola ndendende zimene ndinawapatsa.

Panja, pafupi ndi mpopi wa sukulu, Mkonzi anatsegula nthanoyo n'kundionetsa malo onse asanu ndi awiri, chala chake chikuyenda pang'onopang'ono. Paliponse pamene panali mawu aja, mayi wosoka anali yekha. Singano, sizasi ndi mabatani ndinazisinthasintha bwinobwino. Mawu amodzi okhawa ndinawamangirira pa chinthu chimodzi, n'kuswa lamulo lomwe lija ndinadzitama nalo mu ofesi yake. Sanandikumbutse zimenezo, ndipo kusandikumbutsako kunandipweteka kuposa akanandiseka. Anati andipatsa mpaka Lachiwiri, adzayesa kalasi ina imene sinaimvepo. Kudekha, anatero, kumaoneka pamene pali chinthu choti chikusokoneze, ndiye ndiike anthu m'nyumba mwa mayiyo.

“Inu muli bwino koma, aphunzitsi?”

Ndinamuyankha kuti aziona za mabuku ake.

Loweruka lonse ndinakhala patebulo osalemba kanthu. Ndinalowetsa mlendo m'nyumba mwa mayi wosoka, koma atapatsana moni ndinasowa choti anene. Ndinamutulutsa. Ndinalowetsa wina, nayenso anangoima pakhomo ngati wobwereka machesi. Ha, ine amene ndinkalankhula kuyambira m'mawa mpaka mawu kusasa, ndinali nditaiwala mmene anthu amasokonezerana m'nyumba! Ndinamwa tiyi katatu. Kuseri kwa khoma aneba ankakangana za wailesi, ndipo ndinadzipeza nditaima ndi kapu m'manja, kumvetsera mwansanje.

Lamlungu masana m'pamene ndinakumbukira chaka china ndili ndi ana makumi asanu ndi atatu m'kalasi imodzi. Tsiku lina mwana anasanza pa kaundula, wina anataya nsapato, awiri akumenyana chifukwa cha labala, ndipo kholo lina litaima pakhomo likundikalipira. Ndinapukuta kaundula, ndinalekanitsa omenyanawo, nsapato inapezeka, kholo lija linapita likuseka. Tsiku limenelo ndinalidi wodekha. Izi za m'zipinda ziwirizi, zimene ndakhala ndikuzitcha kudekha zaka zitatu, ana aja anazipatsa dzina lake lenileni. Ndinali ndekha, basi, ndipo ndinali wosungulumwa.

Ndinalemba mpaka dzanja kuuma. Kasitomala anabwera akukuwa kuti diresi lake lachedwa. Mayi wosoka sanakuwe, anali wodekha, anamupatsa mpando. Mwana wa aneba anatayira mabatani onse pansi. Mayiyo sanakalipe, anali wodekha, anatola limodzi naye. Mlongo wake anathamanga uku ndi uku kufuna singano, akugwetsa mipando. Iye anayang'ana pang'onopang'ono, wodekha, n'kuipeza pa kolala ya malaya ake omwe. Ndinaikamo ndi galu wodekha amene ana ankamukoka mchira iye osaluma, ndi dalaivala wodekha pa msewu wodzaza. Nyumba ya mayiyo inadzaza mpaka ndinasowa pomukhazika mlongo wakeyo. Nditamaliza ndinawerenga mokweza, mawu anga akumveka achilendo m'chipindamo.

Lachiwiri inali kalasi ya chipinda chotsatira. Mawu anayi aja anadutsa ngati poyamba. Pa achisanu, mnyamata wina anati wodekha ndi amene sakalipa ukamutayira zinthu. Wina anati sathamanga akasowa kanthu. Atafunsidwa kuti wodekha ndani m'kalasimo, theka linakweza manja, ena manja onse awiri, ndi omwe ankaoneka kuti sangakhale pansi mphindi imodzi. Mkonzi anachonga kachisanu n'kundigwira dzanja. Nthano yalowa, anatero, ndipo tsopano ndipume, sindivutikanso kubwera kuno. Buku likatuluka adzanditumizira kunyumba. Ananena mokoma mtima, mwana wa eni. Anathamangira ku msonkhano wina, n'kundisiya pakhonde.

Sindinafulumire kuchoka. Ndinaima pamenepo ngati ndikukonza chikwama, kumvetsera phokoso la ana akutuluka kukapuma. Kamtsikana kogweluka kaja kanandipeza pomwepo. Kanali katamva nthanoyo kudzera pakhoma, poti makoma a sukulu sasunga kanthu, ndipo kanabwera kudzandiuza kuti ndasintha, si mmene inalili Lachisanu. Ndinavomera. Kanati tsopano amayi aja ali ndi anthu ambiri, ndi galu yemwe. Ndinavomeranso.

“Anawapeza kuti anthuwo?”

“Ndinawalembera ine,” ndinatero.

Kanaganiza pang'ono, lilime lili pa mpata wa mano. “Nanga inuyo amakulemberani ndani?”

Mnzake anakaitana kuti masewera olumpha chingwe ayamba, ndipo kanathamanga osadikira yankho. Ndinatseka chikwama changa n'kutsika masitepe, kupita kokwerera basi.