Sikisi Wamng'ono

"Chilembo chaching'ono musamachikulitse, alamu. Tsiku lina chidzakuyalutsani."

Masamu ananena zimenezi ali ndi pathupi pa miyezi isanu ndi itatu, tsiku lomwe ankasiya kuimba kiyibodi m'bandi ya alamu ake, mkulu wa mwamuna wake. Palibe amene anamumvera. Alamuwo ankatokosa m'mano ndi kapulasitiki kokhwatchira gitala, ndipo mwamuna wake, woimba besi, ankapinda mawaya.

Dzina loti Masamu anamupatsa ndi a m'bandi momwemo, chifukwa makhodi, timagulu ta manotsi olira pamodzi, sankawalemba ndi mayina awo, C kapena G, koma ndi manambala achiroma. Ankati I, wani, ndiye kunyumba, pamene nyimbo imapumira. IV ndi kutuluka panja. V ndi wosakhazikika, amakoka khutu kuti libwerere kunyumba. Woimba akadandaula kuti kiyi yakwera, manambalawo sasintha, mumangosamutsa nyumbayo. Zilembo zazikulu ndi makhodi a meja, owala aja. Zazing'ono ndi a maina, odandaula aja. Koma alamu ake chilichonse ankachifuna chachikulu: galimoto, dzina pa chikwangwani, ngakhale zilembo pa bolodi.

Tsopano mwana anali ndi miyezi isanu, ndipo banja lonse linkakhala m'kachipinda kakuseri kwa nyumba ya alamuwo, khoma limodzi ndi galaja yomwe bandi inkayesereramo nyimbo. Masamu anali munthu wa maso. Ankadzuka kangapo kukaika chala pamphuno pa mwana kuti aone ngati akupuma. Choncho m'mawa wa tsiku lina anaona msanga kuti kope lake la nyimbo, lomwe linkakhala pansi pa matewera m'chikwama, lagona chafufumimba, ndipo pachikuto pali chidindo cha chala chamafuta. Analibwezera pansi pa matewera.

Masana, akuchapa matewera pampopi, anamva galaja ikuyamba. Wani. Faifi. Manja ake anaima m'thovu. Chuni chimenecho chinali chake, cha nyimbo yomwe anapekera mwana m'chipatala, mwanayo ali m'kabokosi kagalasi, machubu ali m'mphuno. Koma mawu sanali ake. Pamene iye ankati "puma, mwanangu", alamu ake ankakuwa za chiuno cha mtsikana wa kubala.

Kenako inafika khodi yachitatu, ndipo mano ake anachita dzanzi. Inali ngati mkaka wosasa m'kamwa.

Anabereka mwana n'kulowa. M'galajamo munkanunkha thukuta, mowa wadzulo ndi malovu a pa maikolofoni. Pa kreti yamabotolo panakhala mwini situdiyo, bambo waimvi yemwe anabwera kudzamva nyimbo yoti ajambule mawa lake m'mawa. Nkhope yake inali itakwinyika. Pa bolodi panalembedwa ndi choko, zilembo zonenepa: I V VI IV.

"Imani kaye," anatero mwini situdiyo. "Wakiyibodi, pachitatupo mukuimba chiyani?"

"Zomwe zalembedwazo, bwana," anayankha wakiyibodi watsopanoyo, maso ali pansi. "Khodi ya A meja. Ndinafunsa, koma anati ndisawaphunzitse nyimbo yawo."

"Ndi sitayilo imeneyo," anatero alamu aja. "Anthu atopa ndi zakale."

"Si sitayilo," anatero Masamu. "Ndi sikisi wamng'ono. Tili mu C, ndiye ndi A maina: A, C, E. Pamenepo chuni chimakhala pa C. Mukaikulitsa khodiyo mumalowetsa C shapu, kiyi yakuda ya pambali pa C, ndipo ziwirizo zimakandana. M'kope langa ndinalemba vi, zilembo zazing'ono."

Wakiyibodi anatsitsa chala chimodzi kuchoka pa kiyi yakuda kupita pa yoyera yoyandikana nayo. Khodiyo inafewa, ndipo chuni chinakhala pansi ngati munthu amene wavula nsapato zothina.

"Maina, maina," anaseka alamuwo. "Mlamu wangayu nkhani yake ndi ya mayina basi. Akufuna dzina pa nyimbo. Tandiuza, mlamu, wani, faifi, sikisi, folo ndi yako? Tsegula wailesi. Nyimbo zachikondi, zovina, ngakhale zakutchalitchi, zaka makumi angati zikuyenda pamenepo? Ena amangoyambira pa sikisi, sikisi, folo, wani, faifi, n'kumati apeka zatsopano. Si iwe wemwe unatiphunzitsa?"

Chomwe chinamunyansa kwambiri Masamu n'chakuti sankanama. Anawaphunzitsadi iye, pa bolodi lomwelo, kuwaonetsa kuti nyimbo zisanu ndi imodzi zomwe ankaimba m'maukwati, iliyonse mu kiyi yake, pansi pake zinali manambala anayi omwewo.

"Manambalawo ndi a aliyense," anatero. "Chuni chomwe chakwera pamwamba pake ndi changa."

Mwini situdiyo anakanda imvi zake. "Ine za m'banja sindilowerera. Koma papepala langa pali mzere wa wopeka, ndipo sindilemba zinthu zokangana." Anatembenukira kwa woimba besi. "Inu muli pakati, uyu mkazi wanu, awa achimwene anu. Nyimboyi ndi ya ndani?"

Masamu anamuyang'ana mwamuna wake. Munthu ameneyu anaimirira naye pa kabokosi kagalasi kaja. Anaimva nyimboyo isanakhale n'komwe ndi mawu. Pachala chachikulu cha mwamunayo panali mafuta akuda a jenereta.

"Ine ndimaimba besi," anatero mwamunayo, akupotoza kachitsulo kochunira. "Ndimangogunda tsinde la khodi. Kaya wamkulu kaya wamng'ono, kwa ine ndi A yemweyo."

"Sindinafunse za khodi."

"Ndi ya bandi. Ya achimwene."

Woimba ng'oma anagunda kamodzi, mwachipongwe, ndipo wina anaseka. Mwana anabwezera mkaka paphewa pa mayi ake, wofunda, n'kutsikira kumsana. Masamu sanaupukute. M'chipinda chonsecho, chimenecho chokha n'chimene sichinamunyanse.

Dzuwa lisanalowe mwamuna wake anamupeza akupinda matewera pabedi. Anakhala pambali pake, akununkha galaja.

"Mayi a mwana, usatero. Tikukhala m'nyumba ya eni. Ukanafuna ndinene chiyani?"

"Kope munalitenga liti?"

"Ndinangowaonetsa." Anakhosomola. "Tamvera. Bambo aja akuti nyimboyi ndi yabwino koma ikungozungulira malo amodzi. Ikufunika chigawo chapakati, chosiyanako, isanabwerere ku kolasi. Achimwene ayesa, zakanika. Ine ndawauza kuti iwe unali nacho. Chija unkang'ung'udza posambitsa mwana."

Analidi nacho. Chinkayambira pa ii, thuu wamng'ono, n'kupita pa V, n'kuchedwa pamenepo mpaka khutu lilire kunyumba. M'kope munalibe, chifukwa tsiku lomwe anafuna kuchilemba mwana anatentha thupi.

"Ungolemba papepala. Ndiwapatsa m'mawa tikamakwera galimoto. Ulembe bwinobwino, zazing'onozo zioneke."

"Dzina la ndani pamwamba?"

"Wayambanso."

Anamusiyira pepala ndi cholembera pa pilo, n'kubwerera kugalaja. Posakhalitsa khoma linayamba kunjenjemera. Wani, faifi, sikisi, folo. Tsopano ankaimba molondola, ndipo chiuno cha mtsikana wa kubala chinkayenda mosalala pa chuni cha mwana wake.

Masamu anaika chala pamphuno pa mwana. Ankapuma. Anatenga chikwama n'kuyamba kuwerenga: matewera khumi, khadi lakusikelo, botolo la mankhwala, kope. Basi yoyamba yopita kwa mchemwali wake wamkulu inkanyamuka kusanache, galimoto ya bandi isanalizidwe n'komwe. Nsapato anazibisa kuseri kwa chitseko kuti asadzazifufuze mumdima. Pepala lija analisiya pa pilo pomwepo, loyera mbali zonse.