Wothira Madzi M'poto

Ine ndinaphika keke za m'poto zaka khumi ndi zinayi, kuyambira pamene bambo a ana anamwalira mpaka pamene miyendo inayamba kundikana. Uvuni sindinakhalepo nawo. Choncho munthu akhoza kundinamiza pa za mafoni kapena za mankhwala, koma pa poto wa keke ayi.

Tsiku limenelo ndinafika kwa mwana wanga osauza munthu. Mwana wangayo ndi chisamba changa, dalaivala wa lole, ndipo inali itakwana miyezi itatu ndisanamuone. Ndikaimba foni ankangoti, "Ndili panjira amayi, ndikuimbirani ndikaima." Kunyumba kunatsala mkazi wake yekha, m'nyumba ya lendi yakumapeto kwa mdadada wa nyumba zisanu ndi imodzi zotunga pampopi umodzi. Mnzanga wina wa kutchalitchi anali atandinong'oneza kuti mpongozi wangayo wayamba kugulitsa keke pageti la chipatala, ndiponso akunenepa. Mwamuna kulibe, mkazi akunenepa. Ndinati kandimverere anakanena za m'maluwa, bola ndikadzionere ndekha.

Ndinagogoda katatu. M'kati munamveka mapazi, kenaka chitseko china chinatsekedwa, kenaka ndi pamene mpongozi anatsegula.

"Amayi. Bwanji osaimba foni?"

"Kwa mwana wanga ndiziimba foni ngati ndikupita ku ofesi?"

Anaseka, koma kuseka kwake kunathera pamano. Anandilandira chikwama nandikhazika pabalaza. Nyumba yonse inkanunkhira vanila ndi makoko a ndimu. Ndinayang'ana manja ake: ouma, oyera, zikhadabo zopanda ngakhale kaufa. Munthu amene wangosakaniza kumene keke sakhala ndi manja otero.

"Mukuphika?"

"Eya, ndatereka pudini ya mphesa zouma. Ya manesi, anaitanitsa dzulo."

"Ndiione."

Anaima pakati pa ine ndi chitseko cha kukhitchini. "Pepani amayi, musatsegule. Mphepo ikalowa imagwa."

Ndinakhala pansi mwaulemu, koma mumtima ndinati, mwana iwe ukunamiza amene anayamba. Keke ya m'poto siigwa chifukwa cha chitseko. Imagwa ukavundukula chivundikiro theka la ola lisanakwane, nthunzi ikathawa keke isanagwirane. Chitseko ukhoza kuchizula ndi kukachigulitsa, keke osadziwa n'komwe.

Kaphikidwe kake n'kosavuta, koma kamafuna munthu. Pansi pa poto wamkulu umaika kachitini kodula mbali zonse, kuti mbale ya keke isakhudze chitsulo. Mbaleyo umaipaka mafuta, kuthiramo zosakanizazo osadzaza, kuvundikira ndi pepala lopaka mafuta ndi kumanga ndi ulusi. Madzi owira amafika theka la mbale, osapitirira. Chivundikiro cha poto umachikulunga ndi nsalu kuti madontho asagwere pamwamba. Ndiye pali timiyala tiwiri timene ine ndinkaponya m'madzimo. Madzi akamawira, timiyalato timalira kuti gobede gobede. Tikakhala chete, ndiye kuti moto wachepa kapena madzi auma.

Ndipo kukhitchini kwa mpongozi wanga timiyala tinkalira. Zimenezi zinandibaya. Nzeru ya timiyala sindinamuphunzitsepo iye. Pa chikwati chake anandiuza yekha kuti keke amangodziwa kudya.

"Anakuphunzitsani ndani?"

"Ndinaonera pafoni."

"Foni imeneyo ndi yanzeru. Imadziwanso za timiyala?"

Anandithirira madzi akumwa nayamba kundifunsa za miyendo yanga, za mbuzi za achimwene anga, za denga la tchalitchi. Sanandifunsepo zambiri chotero chikwatiwire. Ine ndinkayankha ndi pakamwa, makutu ali kukhitchini.

Pudini ya mphesa imatenga maola awiri ndi theka. Palibe poto amene angasunge madzi nthawi yonseyo pa sitovu ya gasi. Uyenera kuonjezera kawiri kapena katatu, ndipo madzi ake akhale owira kale, chifukwa ozizira amaimitsa nthunzi, pudini n'kutuluka yolemera ngati njerwa. Ndiye ndinangoti ndidikire. Akadzuka kukathira madzi, ndimutsata.

Mphindi makumi anayi zinadutsa. Kulira kwa timiyala kunayamba kuuma, kukhala kwachitsulo, monga kumachitira madzi akatsala pang'ono. Ndinamuyang'ana. Iye sanasunthe.

"Madzi anu akutha," ndinatero.

"Alipo ambiri, amayi."

Posakhalitsa ndinamva chivundikiro chikukhudza m'mphepete mwa poto, pang'onopang'ono, ngati munthu akuopa kudzutsa khanda. Timiyala tinakhala chete kanthawi kochepa. Kenaka tinayambanso, ndi mawu okhuta a poto wamadzi okwanira.

Mpongozi anatsokomola kuti aphimbe phokosolo, koma anachedwa.

Ndinaganiza za mwana wanga akugona m'lole m'misewu ya anthu, akudya zogula, kuno mkazi wake akusunga munthu kuseri kwa chitseko. Ndinayang'ana paliponse ndi maso atsopano. Makapu awiri pa tebulo. Thaulo lalikulu lonyowa pa mpando. Kunsi kwa kabati kunkaoneka nsonga za patapata wamkulu, wa phazi la mwamuna.

"Muli ndi ndani m'nyumba muno?"

"Ndili ndekha."

"Ndiye poto wanu ndi wodabwitsa. Amadzithira yekha madzi."

"Amayi, chonde. Khalani pansi, ndikufotokozerani bwinobwino."

"Mundifotokozera chiyani? Tsegulani."

Anagwira chogwirira cha chitseko ndi manja onse awiri, msana atatsamiritsa pachitsekopo. Maso ake anali atadzaza misozi, ndipo ine misoziyo ndinaiwerenga ngati kuvomera. Ndinakankha. Chitseko chinali chokhomedwa m'kati.

Ndili ndi pakamwa, sindikana. Malemu amuna anga ankati ine ndikayamba kulankhula ngakhale wailesi imadzizimitsa. Ndinatuluka panja, n'kuima pafupi ndi mpopi pamene amayi atatu ankachapa, ndipo ndinayamba. Ndinati bwerani mudzaone mkazi wa mwana wanga. Ndinati mwamuna wake akufera panjira iye akudyetsa chibwenzi keke. Ndinamutchula mawu ena amene sindingawabwereze pano. Ndinati amene ali kukhitchiniyo atuluke ngati ndi mwamuna, ndipo sindichoka mpaka ankhoswe atabwera.

Zitseko zinatseguka. Anthu anabwera, koma anabwera modabwitsa. Palibe anathamanga, palibe anakuwa. Amayi ochapa aja anangoyang'anizana, thovu lili m'manja. Alandilodi, mayi wonenepa wovala magalasi, anayenda pang'onopang'ono nadzaima pambali panga.

"Mayi, tsitsani mawu," anatero.

"Sinditsitsa. Inu mumaona zonsezi osanena?"

"Timaona, inde."

Mpongozi anali ataima pakhomo, manja ali kunkhope. Kumbuyo kwake kunamveka loko. Ndinakonza mpweya kuti ndimulandire bwino wakubayo.

Anatuluka mwana wanga.

Anali atavala kabudula ndi epuloni ya maluwa, yaing'ono, yosafika n'komwe pamimba. M'dzanja anali ndi ketulo. Padzanja lomwelo panali zipsera ziwiri za nthunzi, china chakale china chatsopano, pamalo omwewo pamene ine ndili nazo. Anali atawonda. Sanandiyang'ane ine poyamba. Anayang'ana mkazi wake, namugwira paphewa.

"Lowa m'nyumba," anamuuza motsitsa. "Moto ndachepetsa, patsala ola limodzi."

Iye sanalowe. Anachotsa manja kunkhope naima pomwepo.

"Suli panjira?" Ndi zokhazo zimene ndinapeza mkamwa.

"Kampani inagulitsa malole, amayi. Miyezi itatu yapitayi."

"Ndiye osandiuza?"

"Ndimafuna ndipeze kaye ina."

"Nanga izi?" Ndinaloza epuloni ija.

"Izi ndi zimene zikutidyetsa. Ndimaphika ine, iye amakagulitsa. Ndinaphunzira kwa inu, ndili mwana, pamene munkandithamangitsa kukhitchini kuti si malo a amuna. Ndinkaonera pawindo."

Mmodzi wa amayi ochapa aja anati, "Keke zake n'zofewa bwanji. Ya tsiku lobadwa la mwana wanga anaphika ndi iyeyu." Mnzake anamugunda ndi chigongono.

Pamenepo ndi pamene ndinazindikira kuti mdadada wonse unkadziwa. Alandilodi ankadziwa, ana osewera pamchenga ankadziwa, mwina ndi manesi omwe. Amene sankadziwa ndinali ine ndekha, amene ndinam'bereka.

"Anthu onsewa ukuwauza, mayi ako ayi?"

Anaika ketulo pansi. "Anthu onsewa sananene kanthu, amayi. Anangogula. Inu pamene mlamu, mwamuna wa achemwali, anachotsedwa ntchito, munamutcha mwamuna wa chithunzi pamaso pa ana ake. Mpaka lero achemwali sabwera kwanu. Ine ndinamva mawu anu pakhomo, miyendo inangondithawitsa yokha. Ndakhala mmenemo ola lathunthu, bambo wamkulu ngati ine, ndikuopa kupuma."

Ndinafuna kunena kuti za mlamu wakeyo zinali zina. Sizinali zina.

Mpongozi analankhula tsopano, mawu ake osanjenjemera ngakhale pang'ono. "Ine ndinalonjeza kuti sindinena, ndipo sindinanene. Mwanditukwana pampopi, amayi, pamene ndimatunga madzi m'mawa uliwonse. Koma ndikufunseni chinthu chimodzi. Pamene chitseko chimatseguka, munkafuna atuluke ndani?"

Anthu anayamba kubwerera m'nyumba zawo, mwaulemu, ngati akuchoka pamaliro. Alandilodi anatseka mpopi umene unali ukungotayika.

Funso limenelo sindinaliyankhe, ndipo mpaka lero sindinaliyankhe kwa iye. Koma yankho ndinali nalo, ndipo linandichititsa manyazi kuposa maso onse a pamdadada. Pamene ndinaona nkhope ya mwana wanga pakhomo paja, chimene ndinayamba kumva sichinali chimwemwe choti banja lake lili bwino. Ndinakhumudwa. Chibwenzi ndikanadziwa chochita nacho. Ndinali nditakonzeka kale, mawu onse ali pamzere.

"Ndilowe?" ndinafunsa.

Mwana wanga anayang'ana mkazi wake, ndipo tonse awiri tinadikira kuti iye anene.

"Lero ayi, amayi," anatero mpongozi. Analowa, nanditulutsira chikwama changa.